Chigwembe Chokwera Mtunda

Pamsika timangowatchula kuti Atelala. Makina awo osokera ali pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa zipi ndi mabatani. Atelalawo ndi mayi wamfupi, woonda m'mapewa, tepi ili m'khosi ngati mkanda. Yunifolomu ya mwana sachita kuyeza. Amangomuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuwonjezera pang'ono poti ana sachedwa kukula, basi sizasi yayamba kulira. Salankhula zambiri, ndipo kasitomala akayamba kunenerera mtengo amangomwetulira mapini ali kukamwa mpaka munthuyo atatopa yekha.

Koma pali khalidwe lawo limodzi lomwe aliyense pamsikapo amalidziwa. Kumwamba kukangoda, Atelala amavundikira makina ndi nsalu, n'kunyamuka. Kaya mkwatibwi waima pomwepo diresi lili ndi mapini, iwo apita. Obwera kumene amaganiza kuti akuthamangira zovala zimene ayanika. Sizovala ayi. Kuseri kwa nyumba yawo kuli chigwembe, ndipo Atelala akhala zaka zambiri akukhulupirira kuti chigwembecho chikubwera kudzawatenga.

Nyumbayo ili pamtunda, m'dera lomwe kale linali la mitengo ndi mbuzi koma lero ndi malata okhaokha. Anaimanga ndi amuna awo, amene anali mmisiri wa zomangamanga. Anayamba ndi zipinda ziwiri, kenaka anawonjezera chachitatu kumbuyo, cha zenera lalikulu, kuti akazi awo azisokeramo osavutika ndi mdima. Mvula yoyamba atalowa m'nyumbamo, madzi a m'kanjira ka kumtunda analowa mpaka pabalaza, mphasa n'kuyandama. Mmisiri anachita manyazi kwambiri. M'mawa mwake anakumba ngalande yoyambira kumtunda kwa bwalo, yozungulira nyumba pansi penipeni pa malata, n'kukatulukira kumbuyo, kumene malo amatsetsereka. Anaiyala ndi zidutswa za njerwa, kukamwa kwake n'kupakapo simenti. Simentiyo isanaume anapondapo mwangozi, phazi lake n'kutsala pamenepo, zala zonse zisanu zikuoneka.

"Ndasaina," anatero akuseka. "Uzingoisesa iyi, mayi. Ukaisamala, madzi sadzalowanso m'nyumba mwako."

Chigwembe chachikulu chinali kutali kumunsi nthawi imeneyo, kumene anthu amawolokera popita kumsewu. Tsiku lina masana kunagwa chimvula. Mmisiri akuchokera kuntchito anaima m'mphepete mwa chigwembecho kudikira kuti madzi aphwe. Sanadziwe kuti pamene anaimapo madzi anali atadya kale kunsi. Amene anaona amati panalibe ngakhale kukuwa. Dothi linangomasuka ndi munthu yemwe, khuu! Anakawapeza tsiku lotsatira kutali, kumene madzi amatula mchenga.

Atelala anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, makina, ndi mawu aja. Ngalande anaisesa. M'mawa uliwonse asanapite kumsika ankayamba ndi bwalo, kulisesa mpaka kuwala ngati mbale, osasiya tsamba kapena kaudzu, kenaka n'kulowa m'ngalande ndi tsache lawo kuyambira kumtunda mpaka paphazi lija. Pamenepo ankaima pang'ono. Madzi sanalowenso m'nyumba.

Chaka chachiwiri chichitikire maliro, chigwembe chachikulu chinaphuka kanthambi. Poyamba kanali kamng'alu koti mwana n'kudumpha. Mvula iliyonse kanthambiko kankakula, ndipo chodabwitsa n'choti kankakwera mtunda. Kanadutsa pambali pa nyumba ya opuma pantchito ya upolisi osaikhudza. Kanalambalala khola la nkhumba la anansi ena. Kanalunjika kwa Atelala ngati munthu amene wapatsidwa adiresi. Mvula ikamagwa iwo ankaima pazenera la chipinda chakumbuyo kumvetsera. Pansi pa phokoso la malata pankamveka lina, la madzi ogwera m'dzenje, kenaka kachete, kenaka khuu, phokoso lomwe lija la tsiku lija. Akatuluka ankapeza m'mphepete mwasendera.

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Anasoka matumba, kuwadzaza dothi, kuwasanja m'mphepete. Matumba anapita. Anathiramo zinyalala, tinsalu totsala posoka, matayala akale. Zonse zinamezedwa. Mtengo wa gwafa umene mmisiri anadzala unalendewera mizu ili pamtunda nyengo yathunthu, kenaka nawonso unapita. Poyamba kuchokera pakhoma kufika m'mphepete ankayeza ndi mapazi mpaka kutopa kuwerenga. Chaka chimenechi tepi yawo yosokera, kuitambasula kangapo chabe, inali yafika. Pakati panangotsala bafa la udzu.

Alamu awo, mng'ono wa malemu, amene ndi kalipentala, anabwera dzuwa likuswa mtengo mwezi wotentha uja mvula isanayambe. Anasuzumira m'chigwembemo n'kuimba mluzu.

"Alamu, chipinda ichi sichiona mvula ziwiri. Mwina ngakhale imodzi. Ndipo mukugoneka mwana mmenemu? Tiyeni tizule malata ndi zitseko zikadali zabwino, mukachite lendi kufupi ndi msika."

"Akulu anu anamanga nyumbayi ndi manja awo."

"Ndikudziwa, matabwa ndinakhoma ndine. Koma akulu anga sangakondwe kuti muwatsatire kudzera njira yomweyo."

Atelala anayang'ana khoma la chipindacho. Chimene sanathe kuuza alamu awo n'choti kusamuka sankakuona ngati kuthawa. Mumtima mwawo ankati chinthu chimene chalambalala nyumba za ena n'kulunjika kwako chakudziwa, ndipo chidzakupeza ngakhale pa lendi.

Mwana wawo anali Fomu 4, ndipo mayeso oyeserera anali pafupi. Loweruka lina masana Atelala anaweruka msanga n'kupeza chipinda chakumbuyo chili mbwee mapepala. Mwanayo anali atatenga pepala lalikulu la khaki limene iwo amadulira mapatani, n'kuliyala pansi. Anagwada mbali imodzi, mbali inayo kuli mnzake wa m'kalasi, mtsikana wolongolola amene anzake anamutcha Kawayilesi.

"Iwe, pepala langa ilo! Ndi choko changa chomwe?"

"Pepani amayi, m'kope simukukwana. Ndi jogalafe. Aphunzitsi akuti tisaloweze manotsi ngati nyimbo, tijambule mapu a mfundo. Akuti tiyambe m'chinenero chathu, tikamvetsa tikatembenuze tokha."

"Mapu ake opanda msewu?"

"Misewu yake ndi mivi iyi, amayi," analowerera Kawayilesi. "Apulofesa anuwa ajambula mivi yambiri ngati akupita kunkhondo."

Atelala anakhala pabedi kuti aone. Pakati pa pepalalo panali bokosi lalikulu lolembedwa kuti KUKOKOLOKA KWA NTHAKA. Kumanzere kunali mabokosi a zoyambitsa: kudula mitengo, kutentha tchire, ziweto zambiri pamalo amodzi, mizere yolunjika kumunsi kwa phiri, mvula yamphamvu, malo otsetsereka. Kumanja kunali zotsatira: chajira chipita, zokolola zichepa, mchenga udzaza mitsinje ndi madamu, madzi asefukira, zitsime ziphwa msanga, misewu ndi nyumba zigwa. Muvi uliwonse unali ndi mawu ake pamwamba: kumasiya, kumachepetsa, kumabweretsa.

"Aphunzitsi ali ndi malamulo awiri," anatero mwanayo. "Muvi wopanda mawu ndi bodza, chifukwa sukunena kuti zinthuzo zikugwirizana bwanji. Ndipo muvi sungachokere m'malere. Uyenera kukhala ndi kochokera ndi kopita."

"Nanga uwu wazungulira pansi ponsewu, wasochera?"

"Umenewo ndi wanga!" Kawayilesi anadziguguda pachifuwa. "Apulofesa anauiwala. Zokolola zikachepa, munthu amakatsegula munda wina kuphiri kapena kuyamba kuwotcha makala. Ndiye kuti wadulanso mitengo. Chotsatira chasanduka choyambitsa. Galu akuthamangitsa mchira wake."

"Wanena kamodzi kolondola chaka chonse, tisagone," anatero mwana wa Atelala. "Amayi, tithandizeni. Inu mukhale ofunsa mayeso. Lozani bokosi lililonse, ife tinene kumene lachokera ndi kumene likupita, osayang'ana."

Atelala anatenga rula yawo yamatabwa. Analoza kudula mitengo, ndipo atsikanawo anayankha molimbirana. Mitengo ndi udzu zikachoka, nthaka imatsala yopanda chofunda. Madontho a mvula amamenya dothi mwachindunji, kuliphwanya, ndipo tifumbi take timatseka timabowo tolowera madzi. Madzi akalephera kulowa pansi amathamanga pamwamba. Poyamba amasenda nthaka pang'onopang'ono malo onse, osaoneka. Kenaka amakumba timikwasa tokhala ngati zala. Akasonkhana malo amodzi, mphamvu yawo imakula, timikwasa tija n'kusanduka zigwembe.

Rula inayenda yokha kukaima pa bokosi limenelo. Zigwembe. M'chipindamo munazizira.

"Lozani lina amayi," anatero mwanayo motsitsa mawu.

"Ayi, lomweli. Ofunsa mayeso ndine. Tandiuza, madzi amatsika. Nanga chigwembe chimakwera bwanji mtunda?"

Mwanayo anayang'ana mnzake. "Chimakula chobwerera m'mbuyo. Kumutu kwake, pamene madzi amagwera, amakumba dzenje pansi ndi kunyowetsa khoma. Khomalo limadyeka kunsi, pamwamba n'kutsala polendewera. Kenaka pamagwa. Ndiye kuti mutu wasendera kumtunda. Mvula ina ikabwera, zomwezo."

"Chimadziwa bwanji kolowera?"

"Sichidziwa kanthu, amayi. Chimangolondola kumene madzi akuchokera. Kumene kukugwera madzi ambiri n'kumene chimakwera."

Atelala anayang'anitsitsa pepalalo. Maso a telala sachedwa kuona ulusi wolendewera. Bokosi la zigwembe linkalandira muvi kuchokera ku bokosi lakuti madzi asonkhana malo amodzi. Ndipo m'bokosi limenelo munkalowa muvi wina wochokera pamwamba, wojambulidwa bwinobwino, koma kumchira kwake kunalibe kanthu. Pepala lokha.

"Uwu wachokera m'malere. Si paja mwati n'zoletsedwa?"

"Sindinamalize."

"Aa, pamenepo m'posavuta," anatero Kawayilesi, amene pakamwa pake sipadikira mutu. "Ndi zija aphunzitsi anati za m'tauni. Malata, mabwalo osesa, tinjira, ngalande zotayira madzi pamtunda wopanda udzu. Ngati yanuyi, amayi. Si imathera pompaja pamene..."

Wayilesi inazima yokha. Panja nkhuku inalira. Mwana wa Atelala anali atagwira choko mwamphamvu mpaka chinathyoka.

"Malizitsa," anatero Atelala.

"Ine ndikapezeke kunyumba, andituma," anatero Kawayilesi, n'kutola makope ake. Anatuluka patapata wina ali m'manja.

Anatsala awiri. Atelala anaika rula pansi.

"Ndiye kusukulu akukuphunzitsani kuti bambo ako anakumbira nyumba yawo manda?"

"Ayi amayi."

"Munthu anagona m'matope uja, lero mukumuika m'bokosi la choko?"

"N'chifukwa chake sindinalembe!" Mwanayo analira tsopano. "Ndakhala ndi muvi umenewu sabata yonse. Ndikati ndilembe, ndikuona phazi lija. Koma ndimagona muno ndine, amayi. Khuu uja ndimamumva ndi msana."

Mawu amenewo anawalasa. Zaka zonsezi ankaganiza kuti phokosolo amalimva okha.

Mwanayo anapukuta m'maso ndi mkono, n'kukokera pepala pafupi. "Taonani mivi yolowa apa. Si umodzi. Mitengo ya kumtunda anaotchera njerwa. Nyumba zonse zamangidwa kumtundaku, madzi a malata ake amathira m'kanjira, kanjira n'kuthira m'ngalande yathu. Pamene bambo ankakumba kunali nyumba zingati? Kuseri kuno kunali udzu wofika m'chiuno, madzi ankangomwazika. Iwo sanalakwe. Zinthu zinasintha ngalande ili yomweyo."

Anatembenuza ngodya ya pepala n'kuyamba kuwerengera. Denga lawo linali mamita khumi m'litali, asanu ndi limodzi m'lifupi. Mvula yabwino ya mamilimita makumi awiri pa denga lotero ndi malita chikwi ndi mazana awiri. Migolo isanu ndi umodzi. Denga limodzi, mvula imodzi, osawerengera bwalo ndi kanjira. Ndipo zonsezo zinkatulukira pakamwa pamodzi posaposa zikhatho ziwiri.

Atelala anaimirira. Anatuluka, n'kupita kumtunda kwa bwalo kumene ngalande imayambira. Anaitsatira pang'onopang'ono monga amachitira pomasula msoko wolakwika, kufuna pamene ulusi unayambira kukoka. Inali yoyera, yosalala, yopanda tsamba loti n'kuchedwetsa dontho. Ntchito ya manja awo. Anadutsa pansi pa malata, kukhota pakona, kudutsa pambali pa bafa, mpaka paphazi. Anaima pamene amaima m'mawa uliwonse, koma ulendo uno sanayang'ane pansi. Anayang'ana kutsogolo. Kuchokera pa chala chachikulu cha phazilo, kamkwasa kankatsika molunjika ngati mzere wa choko mpaka pamutu pa chigwembe.

Akulu amati madzi saiwala khwawa. Atelala anakhala pansi pomwepo. Chinthu chija sichinkawasaka. Ankachiitana okha, m'mawa uliwonse, ndi tsache. Sanadziwe ngati zimenezi zinali zopepukirapo kapena zolemera kuposa zakale.

Masiku atatu sanaikambe nkhaniyo. M'mawa ankatenga tsache, kuima pakhomo, n'kulibweza. Kenaka anauza mwana wawo kuti akafunse aphunzitsi ake ngati munthu angadule muvi. Yankho linabwera ndi chenjezo: asatseke ngalande madzi asanawapezere kopita, apo ayi abwerera pabalaza. Madziwo achepetsedwe, achedwetsedwe, amwazidwe, ndipo asafikenso pamutu pa chigwembe ali pamodzi.

Anaitana alamu awo. Kalipentala anawerenga pepala la khaki lija atalipachika pachitseko, akukanda chibwano.

"Ndiye mwana wa akulu anga wasanduka injiniya? Iwe, ukalephera mayeso ndikulemba ntchito." Kenaka anatembenukira kwa Atelala. "Sindikulonjeza, alamu. Chafika pafupi kwambiri ichi. Tiyese, koma bedi la mwana lichoke muno lipite pabalaza. Ndipo khoma likangoonetsa mng'alu, ndikubwera ndi hamala kudzazula malata, musadzanditsekere chitseko."

"Ndamva."

Anagwira ntchito masabata angapo mitambo ikusonkhana. Kalipentala anapinda malata akale n'kuwakhoma m'mphepete mwa denga kuti madzi azigwera m'migolo. Kumtunda kwa bwalo anakumba ngalande ina yopingasa, yotsetsereka pang'ono zedi, yopatutsa madzi a m'kanjira kupita kumbali kwa nyumba, kumene kunali malo athyathyathya a udzu kutali ndi chigwembe. Anadzala mizere ya udzu wa vetiva mopingasa, ina kumeneko, ina kuseri. Mutu wa chigwembe anausenda ndi makasu kuti usakhale chiphompho choongoka koma potsetsereka, n'kuyalapo miyala. Kawayilesi anabwera kudzatuta miyala, akulankhula kuposa mmene ankanyamulira.

Chinatsala ndi kukamwa kwa ngalande yakale. Kalipentala anaima pamenepo ndi chitsulo chake, n'kuyang'ana phazi la mkulu wake. Anayang'ana kumbali.

"Apa ndiye mundikhululukire, alamu. Manja akukana."

"Bweretsani."

Atelala analowetsa chitsulo pansi pa simenti n'kutsamira ndi thupi lawo lonse. Inakana, kenaka inazuka yathunthu, phazi lili bwinobwino. Pansi pake panali chinyontho ndi nyerere zoyera. Anainyamula pachifuwa ngati mwana.

"Tikaiike m'nyumba?" anafunsa mwana wawo.

Iwo anapukusa mutu. M'kati mwa chigwembe munkafunika timipanda ta miyala topingasa, tatifupi, totsika pakati, toti madzi akafika achedwe n'kutula dothi lawo. Kampanda koyamba kankafuna mwala waukulu wapansi, pamene madzi odumpha amagwera, kuti asakumbe. Chiyambireni Atelala anali asanapondemo m'chigwembe. Ngakhale popita kumsika ankazungulira njira yaitali ya kumlatho. Tsiku limenelo anatsika, alamu awo atawagwira mkono.

Pansi panali pozizira ndi pachete. Makoma anali aatali kuposa munthu, ofiira, mizu ikulendewera ngati tsitsi. Anaona tinsalu tawo tomwe, ta buluu wa yunifolomu ndi toyera ta madiresi a ukwati, titakanirira m'dothi. Fungo lake linali lomwe lija la zovala za mmisiri tsiku limene anazibweretsa. Anagwada, n'kukhazika simentiyo pamalo pake, zala za phazi zitaloza kumtunda, kunyumba.

"Gwirani pamenepa, bambo," ananong'ona. "Mwana akulemba mayeso."

Madzulo a tsikulo mwanayo anajambula bokosi kumchira kwa muvi uja. Analembamo kuti malata, mabwalo osesa, tinjira ndi ngalande, pamuvi n'kulemba kuti zimasonkhanitsa. Mapu anakwanira.

Mvula yoyamba yamphamvu inabwera masana, pakati pa sabata. Atelala anavundikira makina monga mwa nthawi zonse. Anafika kunyumba itayamba kale, n'kukaima pazenera la chipinda chopanda bedi. Migolo inadzaza mofulumira kuposa mmene ankaganizira n'kuyamba kusefukira. Vetiva anali asanagwire bwino. Madzi ena anapeza njira yawo yakale, ofiira, akuthamanga pamwamba pa dothi limene anakwirira nalo ngalande yakale. Iwo anamvetsera. Malata, madzi, kachete.

Khuu.

Anatseka maso. Atatsegula, bafa la udzu kunalibe. Anayendetsa chikhatho pakhoma lonse kuyambira pansi mpaka pamene dzanja limafika, kufuna mng'alu. Sanaupeze.

M'mawa mwake kalipentala anabwera ndi hamala m'thumba, osaitulutsa. Anayendera khoma, n'kupeza pamene madzi anathawira. Anakweza mlambala wa ngalande yatsopano, anawonjezera miyala ndi nthambi, madzi osefukira m'migolo n'kuwatsogolera kumbali. Mvula yachiwiri kunagwa kachidutswa kakang'ono. Yachitatu kunangomveka madzi. Pofika pakati pa dzinja vetiva anali atatseka mizere yake, ndipo kuseri kwa kampanda kalikonse kunali dothi latsopano losalala, udzu ukumerapo wokha.

Pa mayeso oyeserera funso la kukokoloka kwa nthaka linabwera. Mwanayo akuti anangotseka maso n'kuona pepala la khaki, n'kumatsata mivi. Kawayilesi akuti analemba mpaka kupempha pepala lina, koma zimenezo akunena ndi iye mwini.

Chipinda chikadalipo. Bedi silinabwerere, poti kalipentala akuti tione kaye dzinja lina, ndipo chigwembe chachikulu kumunsi chikudyabe, chifukwa mivi yake ndi ya phiri lonse. Atelala ayamba kuyenda ndi pepala lija kwa anansi a kumtunda. Ena amamvetsera. Ena amayang'ana bwalo la Atelala, limene tsopano lili ndi masamba ndi udzu, n'kumanong'onezana kuti mayi aja anali aukhondo, kaya chawagwera n'chiyani.

Mvula itatha anatsikanso m'chigwembe, okha ulendo uno. Dothi lodutsa pa kampanda koyamba n'kutsekeredwa ndi kachiwiri linali litakwera mpaka kukwirira simenti ija. Anafukula pang'ono ndi chala, n'kukhudza chidendene. Kenaka anabwezerapo dothilo.

Pamsika kumwamba kukada amavundikirabe makina. Wogulitsa zipi anawafunsa tsiku lina kuti nanga si munakonza, mukuthamangiranso chiyani.

"Ndikukamvetsera," anayankha Atelala, akukulunga tepi.

"Kumvetsera chiyani, poti mwati kunasiya kugwa?"

"Kusagwa komweko," anatero, n'kunyamuka.